KUWERENGA MTUNDU WA ZINTHU M'KANEMA: ZA NSARU YOYERA YA SHULA

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi yozungulira Chipata



Mwana wa sukulu akauzidwa kuti alembe cimangirizo ca kanema amene waona, kawirikawiri amangofotokoza nkhani yonse kuyambira paciyambi kufikira pamapeto, monga acita pouza mlongo wace amene anatsala kunyumba. Akafunsidwa za mtundu wa zinthu, ndiko kuti kuyera, kufiira, kuda ndi kubiriwira kwace, alemba mzere umodzi woloweza: coyera ndi ubwino, cakuda ndi zoipa, cofiira ndi ngozi. Mphunzitsi acita kusowa pogwira, pakuti mwanayo sananame, komanso sananene kanthu za kanemayo. Mau a lero ali pa cinthu cimodzi cokha: tanthauzo la mtundu silipezeka pa mndandanda woloweza, koma m'zimene kanemayo acita nao mtunduwo, pamene auika, pa yani, ndi kangati.

ZIMENE MWANA ADZIWA KALE

Mwana wa kuno sadza m'kalasi wopanda kanthu m'mutu. Cinyanja ceniceni cimphunzitsa kale kuti mtundu umanyamula tanthauzo. Munthu wabwino anenedwa kuti ali woyera mtima. Liu lakuti kuda linena za mdima, linenanso za cidani, ndipo wobvutika m'maganizo anenedwa kuti ada nkhawa. Ku chalici mwana aona khanda lobatizidwa ndi mkwatibwi atabvala zoyera. Pa Nc'wala ku Mtenguleni ng'ombe imene ilasidwa pamaso pa Mpezeni ikhala yakuda. Pa mbendera ya Zambia, imene inakwezedwa mu 1964, mwana analoweza kuti kubiriwira ndiko cuma ca nthaka ndi zomera, kufiira ndiyo nkhondo ya ufulu, kuda ndiwo anthu, ndipo mtundu wa lalanje ndiyo miyala ya mtengo wapatali monga mkuwa.

Zonsezi ndi poyambira pabwino, koma mphunzitsi aonetse ana kusiyana kumodzi. Tanthauzo la mitundu ya pa mbendera linaikidwa ndi boma, ndipo silisintha. M'kanema mulibe lamulo lotere. Wopanga kanema adziwa zimene anthu amaganiza akaona coyera, ndipo akhoza kubvomereza maganizowo, kapena kuwatembenuza dala kuti woona adzidzimuke. Nchito ya mwana ndiyo kupeza kuti mwa ziwirizi cacitika n'citi.

KANEMA WA KWATHU

Citsanzo coyenera ndi kanema wochedwa I Am Not a Witch, ndiko kunena kuti sindine mfiti, amene anaturuka mu 2017. Anamlemba ndi kumtsogolera ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka nakulira ku Wales, ndipo mu 2018 analandira naye mphotho ya BAFTA. Anajambulidwa m'Zambia muno, ndipo ana adzamvamo Cinyanja pamodzi ndi zinenero zina.

Nkhani yace mwacidule ndi iyi. Kamtsikana kamasiye kaoneka m'mudzi wina popanda wokadziwa. Mai wina wocokera kotunga madzi agwa ndi ndowa yace atakaona, ndipo mudzi ugamula kuti kamwanako ndi mfiti. Akapereka m'manja mwa a Banda, mkuru wa boma, amene akatengera ku msasa kumene asunga amai okalamba onenedwa ufiti. Amaiwo akacha dzina lakuti Shula. Aliyense wa iwo ali ndi nsaru yoyera, yaitali ndi yopyapyala ngati lamba, imene ena aicha riboni, yomangidwa kumsana. Nsonga ina ya nsaruyo ikulungidwa pa cigudumu cacikuru, conga kamtengo kaja kokulungapo ulusi wa telala. Anthu anena kuti nsaruyo iwaletsa kuuluka. Shula auzidwa kuti akaidula adzasanduka mbuzi.

Pano pali cinthu cimene ana ayenera kudziwa asanalembe. Nyoni anakakhala pa msasa weniweni wa amai otere ku Ghana pokonzekera kanemayu, koma nsaru zomangira anthu anaziganizira yekha. Cifukwa cace kuyera kwa nsaruzo sikunadze mwangozi. Munthu anakhala pansi nasankha. Akanatha kutenga cingwe ca khonje, kapena unyolo wacitsulo, koma anatenga nsaru yoyera yonga ya paukwati. Funso loyamba la cimangirizo ciri conse ndi lomweli: kodi mtundu uwu unasankhidwa, kapena unangopezeka pamalopo?

KUTSATA NSARU YOYERA

Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana asayambe ndi kufunsa tanthauzo. Ayambe ndi kutsata nsaruyo monga mlenje atsata mapazi a nyama, nalembe pali ponse pamene yaoneka. Malo asanu akwanira.

Poyamba, kanema atsegula ndi alendo odzaona dziko amene afika pa msasa ndi makina ojambulira. Amai akhala pansi kuseri kwa mpanda, nkhope zao zopakidwa zoyera, nsaru zao ziri kumbuyo. Apa coyera ciri pa anthu oonetsedwa ngati nyama za ku Luangwa.

Kaciwiri, Shula atsekeredwa m'kanyumba usiku kuti asankhe: adule nsaru nasanduke mbuzi, kapena aisunge nakhale mfiti. Kukaca apezeka asanaidule. Apa nsaru yoyera ndiyo mtengo wogulira moyo wace monga munthu.

Kacitatu, amai atengedwa pa lole kupita kukagwira nchito m'minda, zigudumu zao zitaimikidwa pa lole pomwepo. Aliyense afika pokhapo pamene nsaru yace ithera. Mwana wa kumudzi sasowa kuuzidwa cimene cifanana ndi zimenezi, pakuti adziwa mbuzi yomangidwa pa cikhomo, imene idya udzu mozungulira kufikira pothera cingwe.

Kacinai, Shula afika kunyumba kwa a Banda, naonana ndi akazi ao, a Charity, obvala bwino ndi okhala m'nyumba yabwino. Maiyo aulula kuti nayenso ali nayo nsaru yace. Iye anena kuti ulemu anaupeza cifukwa ca kumvera ndi kukwatiwa, koma nsaru siinamcoke. Pano mwana wocenjera adzaona kuti nsaru sinena za msasa wokha.

Kacisanu, pamapeto Shula amwalira, amai amlira, ndipo mvula imene dziko linaidikira nthawi yaitali igwa. Cithunzi cotsiriza cionetsa lole ndi zigudumu zace, nsaru zoyera ziri kuuluka ndi mphepo, zopanda munthu kunsonga, ndipo kumveka kulira kwa mbuzi.

Mwana akaika malo asanuwa pamodzi, tanthauzo lituruka lokha. Nsaru ndi yokongola, yofewa, yoyera ngati ya paubatizo, koma nchito yace ndi ya cingwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayu atenga kuyera kumene anthu akulemekeza, nakuika pa cinthu comangira munthu, kuti woona azindikire kuti nkhanza imatha kubvala zoyera, niichedwa mwambo, citetezo kapena ulemu. Mwana amene analoweza kuti coyera ndi ubwino akanalemba kuti amai a pamsasa ali pamtendere, ndipo akanataya nkhani yonse.

Cithunzi cotsiriza cisiyidwe cotseguka. Mwana wina adzati amai adula nsaru nathawa, ndipo ali mfulu. Wina adzati asanduka mbuzi monga anaopsezedwa. Onse awiri apatsidwe malikisi ngati aonetsa cimene anaona ndi cimene anamva. Wosayenera malikisi ndi iye amene anena tanthauzo osaloza pamene walipeza.

MITUNDU INA IWIRI

Ana akazolowera coyera, ayesedwe ndi tinthu tiwiri tating'ono ta m'kanema yemweyo.

Koyamba ndi fanulo ya buluu, yonga ija yothirira palafini m'botolo. Shula aiika kukhutu kuti amve mau a mphunzitsi ndi ana ocokera ku sukulu ya kutali. Dziko lonse lomzinga liri louma, lotuwa ndi pfumbi, monga momwe kukhalira kuno mwezi wa Okutobala mvula isanagwe. M'dziko lotero kanthu ka buluu kaoneka msanga, ndipo diso lithamangira komweko. Mwana asalembe kuti buluu ndi ciyembekezo, ngati kuti liri lamulo. Alembe kuti kanthu kowala m'cithunzico ndiko kamene kalumikiza Shula ndi sukulu, ndi kuti iye aimva sukuluyo ali patali. Mphamvu ya mtundu pano icokera m'kusowa kwace. Njira yomweyi inagwiritsidwa nchito m'kanema wa Steven Spielberg wa mu 1993, Schindler's List, wonena za kuphedwa kwa Ayuda pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Pafupifupi kanema yense ali wakuda ndi woyera, koma kamtsikana kamodzi kabvala jasi lofiira. Pambuyo pace jasi lomwelo lioneka pa ngolo yonyamula mitembo, ndipo woona akazindikira kamwanako pakati pa akufa osawerengeka.

Kaciwiri ndi lole ija yonyamula amai, imene iri ya mtundu wa lalanje. Mwana wina adzakumbukira mbendera nanena kuti lalanje ndi cuma ca dziko, ndi kuti amai asandutsidwa cuma ca ena. Maganizo awa ngabwino, pakuti amai agwiradi nchito yopindulitsa ena, ndipo wowayang'anira ndi munthu wa boma. Koma malole a mtundu umenewo alipo ambiri pamseu wa ku Lusaka, ndipo umboni wace sufika pa uja wa nsaru. Apa mwana aphunzire liu lakuti kapena. Alembe kuti kapena mtundu wa lole ukumbutsa za mbendera, ndipo apereke cifukwa. Kudziwa pamene umboni uli wolimba ndi pamene uli wofooka ndilo theka la phunziro lonse.

KAYENDETSEDWE KA PHUNZIRO

Mphunzitsi ayambe waona yekha kanema yense, pakuti muli imfa ya mwana ndi mau ena osayenera ana aang'ono. Ayenera ana a makalasi apamwamba. Kanemayu atenga ora limodzi ndi theka, ndipo batire la sola la pasukulu silikhala lodalirika masiku a mitambo. Cotero nkwabwino kufotokoza nkhani pakamwa, ndi kuonetsa zigawo zitatu zokha za mphindi zitatu kapena zinai: alendo pa msasa, amai m'munda ndi lole, ndi cithunzi cotsiriza.

Mazenera aphimbidwe ndi zitenje kapena masaka. Ici si ca manyado ai. Kuwala kwa dzuwa kukagwa pa laputopu kapena pa khoma, mitundu yonse ifwifwa, ndipo wokhala pambali aona mtundu wosiyana ndi wokhala pakati. Ana akayamba kutsutsana ngati cinthu cinali cofiira kapena ca lalanje, mphunzitsi ayambe wayang'ana zenera asanadzudzule mwana.

Cigawo ciri conse cionetsedwe kawiri. Ulendo woyamba mau atsekedwe, cifukwa khutu likagwira nkhani diso lileka kugwira nchito. Pa bolodi pakhale mizere itatu yotsika. Mu woyamba ana alembe cinthu ndi mtundu wace. Mu waciwiri alembe amene ali naco ndi cimene ciri kucitika. Mu wacitatu alembe cimene casintha poyerekeza ndi pamene anaciona kale. Mzere wa tanthauzo usakhalepo pa tsiku loyamba. Ana adzaufuna, koma audikire kufikira mawa, pamene mizere itatu yadzala.

Pa tsiku laciwiri mphunzitsi afunse funso losinthanitsa: nsaru ikanakhala yakuda, kapena cikanakhala cingwe ca khonje, cikanatayika n'ciani? Ana adzayankha okha kuti cingwe cikanaoneka coipa kuyambira paciyambi, ndi kuti alendo aja sakanacijambula mokondwera. Yankho limenelo ndilo mutu wa cimangirizo. Funso lomweli lithandiza kutaya zopanda pace. Ngati malaya a munthu wodutsa asinthidwa mtundu ndipo palibe cotayika, malayawo asalowe m'cimangirizo.

NDIME YOIPA NDI NDIME YABWINO

Nayi ndime yonga imene aphunzitsi ambiri aipeza m'makope:

"M'kanemayu muli mitundu yambiri. Coyera citanthauza ciyero ndi mtendere. Buluu atanthauza ciyembekezo. Lalanje litanthauza cuma. Mitundu imeneyi ikometsa kanema."

Cizindikiro ca kulakwa kwace ncapafupi. Mphunzitsi aphimbe dzina la kanema ndi cala, nafunse ngati ndimeyo ingakwanire pa kanema wina ali yense. Ikakwanira, mwanayo sanalembe za kanema amene anaona. Mulibe dzina la munthu, mulibe malo, mulibe cocitika.

Nayi ndime ya mwana amene watsata mizere itatu ija:

"Nsaru imene imanga Shula ndi yoyera ngati ya mkwatibwi, koma igwira nchito ya cingwe ca mbuzi. Paciyambi alendo ajambula amai okhala kuseri kwa mpanda ndi nsaru zao, ndipo nsaruzo zioneka zokongola. M'munda zioneka mwa njira ina, pakuti mai aliyense aima pamene nsaru yace yathera. Ngakhale a Charity, amene ali m'nyumba yabwino, ali nayo. Ici cionetsa kuti munthu akhoza kumangidwa ndi cinthu cooneka ngati ulemu. Pamapeto nsaru ziuluka zopanda anthu, ndipo ndi pomwepo pokha pamene zioneka zopepuka."

Ndime iyi iri ndi miyendo itatu ngati mafuwa. Iyamba ndi cimene mwana aganiza, ipereka malo amene anaciona, niimaliza ndi cimene malowo aonetsa. Cimangirizo ca tsamba limodzi cingakhale ndi ndime zinai: yoyamba yochula kanema, wompanga, caka ndi mtundu wosankhidwa, yaciwiri yonena zimene anthu a kuno amaganiza za mtunduwo, yacitatu yonga iri pamwambayi, yacinai yonena ngati kanema wabvomereza maganizo a anthu kapena wawatembenuza. Mtundu ukhale umodzi. Mwana wogwira mitundu isanu pa tsamba limodzi abwerera ku mndandanda uja.

Pocongera, mwa malikisi 10, atatu apite pa kufotokoza molondola cimene caoneka, anai pa kulumikiza malo awiri kapena atatu, awiri pa tanthauzo, ndi amodzi pa kalembedwe. Ana akadziwa kuti tanthauzo lokha lipatsa malikisi awiri, adzaleka kulithamangira.

Amene afuna kanema waciwiri woyeserapo atenge The Boy Who Harnessed the Wind wa mu 2019, wa Chiwetel Ejiofor, wonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ku Malawi, pa njala ya mu 2001 ndi 2002. Mmenemo ana atsate kubiriwira kwa minda: pamene kulipo, pamene kwatha, ndi pamene kwabwerera madzi atayamba kuturuka m'citsime ndi mphamvu ya makina a mphepo. Kanemayu abvomereza zimene mlimi aliyense adziwa za kubiriwira, pamene wa Nyoni atembenuza zimene anthu adziwa za kuyera. Kuika awiriwa pamodzi kuonetsa njira zonse ziwiri.

CENJEZO LOTSIRIZA

Nkhani ya Shula siiri kutali ndi midzi imene ana acokera. M'kalasi mungakhale mwana amene agogo ace analozedwa cala, ndipo mungakhalenso mwana wa amene analoza. M'kanemayu muli zoseketsa zambiri, ndipo ana adzaseka. Kusekako sikulakwa, pakuti wopanga anafuna kuti anthu aseke kupusa kwa oweruza. Koma mphunzitsi achere khutu kuti amve amene ali kusekedwa. Ngati mawa lace kamtsikana kena kacete kayamba kuchedwa Shula pabwalo, phunziro lapita kumbali, ndipo liyenera kubwezedwa msanga. Ana akumbutsidwe kuti malamulo a Zambia aletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo abwezedwe ku mzere waciwiri wa pa bolodi, afunsidwe kuti anamanga nsaru ndani, ndipo anapindula nayo ndani.

Mwana akabwera ndi kope lace nanena kuti coyera citanthauza cakuti, mphunzitsi asafulumire kubvomera kapena kukana. Amfunse mau awiri okha: waciona pati? Akaloza malo awiri nanena cimene casintha pakati pao, cimangirizo cace cayamba.